Gwero Losazimitsidwa pa Njira ya Thévenin

Mu 1883 Léon Thévenin, katswiri wa matelegalamu ku France, anaonetsa kuti seketi ya marezisita ndi mabatire, mukaiona pa nsonga zake ziwiri, imafanana ndi batire limodzi ndi rezisita imodzi. Ambiri amasokonekera mukakhala gwero lodalira, lomwe mphamvu yake imatsatira karenti yoyenda pamalo ena.

Tiyese seketi iyi. Batire la 12 V likutumiza karenti Ix kudzera mu rezisita ya 4 Ω kupita pa A. Pakati pa A ndi B, nsonga yobwerera ku batire, pali rezisita ya 12 Ω, ndiponso gwero lodalira lothira 2Ix pa A.

Poyamba nsongazo zikhale zosalumikizidwa ku china chilichonse. Karenti yolowa pa A ilingane ndi yotuluka: 3Ix = V/12, pomwe Ix = (12 − V)/4. Zikatero V = 10.8 V. Imeneyi ndiyo voteji ya Thévenin.

Kenako lumikizani A ndi B ndi waya. Rezisita ya 12 Ω yalambalalidwa, Ix yafika 3 A, gwero lawonjezera 6 A, ndipo mu waya mukudutsa 9 A. Gawani: 10.8/9 = 1.2 Ω.

Apa ndi pomwe ndimachenjeza kwambiri. Wozimitsa magwero onse awiri n'kuphatikiza 4 Ω ndi 12 Ω amapeza 3 Ω, yankho lolakwika, chifukwa gwero lodalira silileka kugwira ntchito batire likazima. Potsimikizira, ikani waya m'malo mwa batire lokha, ndi 1 V pa A ndi B: mulowa 5/6 A, kutanthauza 1.2 Ω yomweyo.