Usiku Umodzi Wokweza Mtengo wa Opushoni

Pa 3 Febuluwale 2022, masheya a Meta, eni ake a Facebook, adagwa ndi 26 peresenti tsiku limodzi, kampaniyo itangolengeza zotsatira za malonda ake. Mu Meyi 2023, a Nvidia adakwera ndi 24 peresenti pa chifukwa chonga chomwecho. Makampani a pamsika wa masheya ku Amereka amaulula phindu lawo miyezi itatu iliyonse, ndipo tsikulo limadziwikiratu. Chobisika ndi zimene adzanene.

Opushoni ndi pangano lokupatsani ufulu wogula kapena kugulitsa masheya pamtengo wogwirizana, tsiku loikika lisanadutse. Mukaona kuti simupindula, mumangolisiya, n'kutaya ndalama yokhayo munaligulira. Wogulitsa panganolo ndiye amasenza tsoka mtengo ukalumpha, motero amalipiritsa ngati wa inshuwalansi: ngozi ikayandikira, salola zotchipa.

Akatswiri amatenga mtengo umene anthu akulipirawo, n'kuwerengera chobwerera ndi njira ya Black-Scholes ya mu 1973, kuti aone kugwedezeka kumene msika ukuyembekezera. Nambala yotulukayo ndiyo impulaidi volatiliti. Siuza ngati sheya ikwera kapena itsika. Imangonena kukula kwa kusunthako.

Tiyerekeze sheya ya madola 100 imene imasuntha ndi 2 peresenti patsiku. Ufulu woigula pa madola 100 omwewo, wotha pakapita masiku asanu, ungagulidwe pafupifupi madola 1.80. Koma limodzi la masikuwo likhale lotsatira chilengezo, pamene msika ukuopa kusuntha kwa 10 peresenti, mtengo ufika cha pa madola 4.30. Pangano limodzi limakhala la masheya 100, choncho mutulutsa madola 430. Chilengezo chikamayandikira, masiku abata amatha limodzilimodzi, lowopsalo lili pompo, n'chifukwa chake volatiliti imakwererakwerera.

Apa ndi pamene ongoyamba amapsa. Mwagula, kampani yalengeza zabwino, m'mawa sheya yatsegula pa madola 103. Munalosera bwino. Koma mukayang'ana pafoni mupeza opushoni yanu ili cha pa madola 3.50, ndipo madola 80 apita. Nkhani yaululika, mantha atha, volatiliti yabwerera pamalo pake; mtengo wa manthawo, umene munalipira dzulo, palibenso angakubwezereni. Zimandipweteka kuti ambiri amauzidwa za phindu lokha, osauzidwa zimenezi.

Musanagule, phatikizani mtengo wa ufulu wogula ndi wa ufulu wogulitsa pa madola 100 aja. Apa zikwana pafupifupi madola 8.60, ndiko kuti msika walipiritsiratu kusuntha kwa 8 kapena 9 peresenti. Yerekezani ndi mmene sheyayo idasunthira pa zilengezo zapitazo. Ngati inkangosuntha ndi 5 peresenti, mukugula zodula. Koma wogulitsanso asadzitame: chilengezo chonga cha Meta chija chingamudyere phindu la zilengezo zambiri zimene zidamuyendera bwino.