Mtengo ukakwera pa uthenga wa foni, kukhala chete n'kuvomera?

Inu amene mumaonetsa mpira pa Mua kapena pa Golomoti mukuudziwa uthenga uja wobwera pa foni, woti kuyambira pa 1 mwezi wamawa mtengo wa matchanelo ukwera. Ambiri sayankha, ndiye funso n'lakuti: kodi posayankhapo avomera?

Malamulo a mgwirizano amene makhoti athu amatsatira anachokera ku Mangalande, ndipo akuti kukhala chete pakokha si kuvomera. Pa mlandu wa Felthouse ndi Bindley, mu 1862, munthu wina analembera mwana wa m'bale wake kuti akapanda kumva yankho atenga kuti hatchi yagulidwa. Mwana wa m'bale wakeyo sanayankhe, ndipo khoti linagamula kuti panalibe malonda.

Koma musafulumire kusekerera. Khoti limayang'ananso zochita zanu. Tiyerekeze kuti mumalipira K30,000 pa mwezi ndipo uthenga wati ifika pa K36,000. Simunayankhe, koma tsiku litakwana mwatumiza K36,000 pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Apo mwavomera, ndalamayo ndiyo yakuyankhulirani. Komanso mapepala ambiri amene timasaina polembetsa (ndani amawawerenga?) amakhala ndi ndime yolola kampani kusintha mtengo ikangotidziwitsa. Ngati ndimeyo ilimo, munavomera kalekale tsiku losaina lija.

Zolipiriratu ngati DStv n'zosavuta: mukapanda kulipira amangotseka, ngongole palibe. Werengani kaye musanatumize. Ngati pakhomo mumalipiritsa K200, K6,000 yowonjezerayo ikufuna anthu ena 30 pa mwezi. Ngati sapezeka, tsikirani pa phukusi lotsika mtengo mwezi usanathe.

Msampha uli pa zodula zokha, monga nyimbo yolira munthu akakuimbirani yomwe imadya mayunitsi, kapena ndalama imene munalola banki kumachotsa mwezi ndi mwezi. Apa mukangokhala, ndalama imapita, ndipo akadula miyezi itatu inu osadandaula, kudzakhala kovuta kunena kuti simunafune. Letsani tsiku la mtengo watsopano lisanafike, makamaka polemba, ndipo musafufute uthenga wawo ndi wanu womwe.

Kampani nayo ili ndi malire. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 limafuna kuti amene ali ndi chiphaso cha MACRA apeze chilolezo cha bungweli asanasinthe mitengo. Mu 2023 MACRA inatenga chiletso ku High Court choimitsa kukwera kwa mitengo ya DStv, MultiChoice n'kulengeza mu Ogasiti kuti ikuchotsa DStv m'Malawi. Inabwereranso mu Disembala khoti litagamula mokomera kampaniyo.

Akakudulani mtengo watsopano osakudziwitsani, yambani mwadandaula ku kampaniyo ndipo mutenge nambala ya dandaulo lanu. Zikakanika, za foni ndi wailesi ya kanema pitani nazo ku MACRA, za banki ku Reserve Bank of Malawi, zina zonse ku CFTC.