Mulungu mmodzi, Atate, Mwana ndi Mzimu: nkhaniyi inayamba bwanji?

Mkhristu aliyense wa Katolika, CCAP, Angilikani kapena mpingo wa chipentekoste, mukamufunsa kuti milungu ilipo ingati, ayankha mosajejema kuti Mulungu ndi mmodzi. Koma mukamumvetsera akupemphera, mumva akutchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Anzathu Achisilamu ndi a Mboni za Yehova amafunsa kuti kodi amenewa si atatu? Funsoli ndi loyenera, ndipo Mkhristu sayenera kulithawa ponena kuti "zimenezi ndi chinsinsi basi".

Poyambira pake ndi apa: ophunzira oyamba a Yesu anali Ayuda. Kuyambira ali ana ankanena mawu a pa Deuteronomo 6:4 otsimikiza kuti Mulungu wa Israeli ndi mmodzi, ndipo kupembedza wina aliyense linali tchimo loopsa. Komabe anthu omwewa anayamba kuchitira Yesu zinthu zoyenera Mulungu yekha. Tomasi, ataona Yesu wouka kwa akufa, anamutchula Ambuye ndi Mulungu wake, pa Yohane 20:28. Stefano, akuponyedwa miyala, anapereka mzimu wake kwa Yesu m'pemphero. Petro nayenso anauza Ananiya kuti wanamiza Mzimu Woyera, kenaka pomwepo nkunena kuti wanamiza Mulungu. Onsewa sanasiye kukhulupirira Mulungu mmodzi. Choncho chiphunzitso cha Utatu Woyera chinabwera pambuyo, pofuna kulongosola zomwe Akhristu ankachita kale popemphera ndi pobatiza. Mawu oti Utatu mulibe m'Baibulo. Amene anawatchukitsa m'Chilatini anali Tetuliyani wa ku Kateji, kumpoto kwa Afirika, cha m'ma 200.

Chiphunzitsochi chimagwira mfundo zitatu nthawi imodzi: Mulungu ndi mmodzi, Atate ndi Mulungu, Mwana ndi Mulungu, Mzimu ndi Mulungu, koma Atate si Mwana, ndipo Mwana si Mzimu. "Mmodzi" ndi "atatu" akuyankha mafunso osiyana. Mukafunsa kuti Mulungu ndi chiyani, yankho ndi limodzi: umulungu umodzi wosagawika, mphamvu imodzi, chifuniro chimodzi. Mukafunsa kuti Mulunguyo ndani, mumva atatu odziwana ndi okondana. Aliyense mwa atatuwa ali ndi umulungu wonse, osati gawo lake.

Kuti timvetse chifukwa chake mpingo unaumirira zimenezi, tiyeni tione mkangano wa ku Alekizandiriya, m'dziko la Iguputo. Cha m'ma 318, wansembe wina wa mumzindamo dzina lake Ariyo anaphunzitsa kuti Mwana ndi cholengedwa choyamba ndi chopambana zonse, chomwe Mulungu anagwiritsa ntchito polenga dziko, koma kuti asanabadwe kunalibe. Ariyo sanali munthu wachibwana. Maganizo ake anali akuti bambo amakhalapo mwana asanabadwe, ndipo anali ndi mavesi omuthandiza, monga Miyambo 8:22, ndi Yohane 14:28 pamene Yesu akunena kuti Atate amamuposa. Ankafuna kuteteza umodzi wa Mulungu, ndipo anthu ambiri anamutsatira.

Mkangano unakula mpaka mfumu ya Aroma, Konsitantino, inaitanitsa mabishopu oposa 200 ku Nikeya m'chaka cha 325. Vuto lomwe anakumana nalo linali lakuti mawu alionse a m'Baibulo omwe ankatchula, a mbali ya Ariyo ankawavomera koma nkuwamasulira mwa njira yawo. Pamapeto pake msonkhano unasankha mawu osapezeka m'Baibulo, onena kuti Mwana ali ndi umulungu womwewo wa Atate, ndi kuti anabadwa, sanalengedwe. Kusiyana kwa kubereka ndi kupanga ndiye kunali mutu wa nkhani. Chopangidwa chimasiyana ndi wochipanga, pomwe wobadwa amakhala wa mtundu womwewo wa womubereka. Ndipo popeza Mulungu alibe chiyambi, kubadwa kwa Mwana kulibenso tsiku loyambira. Atate sanakhalepo opanda Mwana, pakuti akanakhala Atate a yani? Mabishopu awiri okha ndiwo anakana kusaina, ndipo anathamangitsidwa pamodzi ndi Ariyo.

Nkhani sinathere pomwepo. Atanasiyo, yemwe anakhala bishopu wa Alekizandiriya mu 328, anachotsedwa pa mpando wake kasanu chifukwa choteteza mfundo ya ku Nikeya. Chinamulimbitsa mtima chiyani? Kwa iye nkhani inali chipulumutso. Cholengedwa, ngakhale chikhale chachikulu motani, nacho chimadalira Mulungu kuti chikhale ndi moyo, ndiye sichingagawire ena moyo wosatha. Ngati amene anabadwa mwa Mariya ndi kufa pamtanda sanali Mulungu weniweni, ndiye kuti Mulungu anangotuma wina, mwiniwake sanafike pakati pathu. Komanso Akhristu opembedza Yesu akanakhala akupembedza cholengedwa, lomwe ndi tchimo lija Ariyo ankafuna kulipewa. Kwa ine apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Nanga mawu aja oti Atate amaposa Yesu? Mpingo umawamva ngati mawu a Mwana amene anadzichepetsa nkukhala munthu, womva njala ndi kutopa. Za Mzimu Woyera zinatsimikizidwa ku Konsitantinopo mu 381, pamene msonkhano wina unanena kuti Mzimu ndi wopatsa moyo, woyenera kupembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana. Chikhulupiriro chomwe mipingo yambiri imanena Lamulungu chinachokera m'misonkhano iwiri imeneyi.

Pali cholakwa china chomwe chimamveka kwambiri m'maulaliki athu kuposa cha Ariyo. Mlaliki amati: taonani bambo mmodzi, kunyumba ndi tate, kusukulu ndi mphunzitsi, kutchalitchi ndi mkulu wa mpingo, Mulungunso ali choncho. Fanizoli limakoma m'khutu, koma ndi lofanana ndi chiphunzitso cha Sabeliyo, chomwe mpingo wa ku Roma unakana cha m'ma 220. Muyeseni bambo uja ndi ubatizo wa Yesu mu Yorodano, pa Mateyu 3. Mwana ali m'madzi, Mzimu akutsika ngati nkhunda, mawu a Atate akumveka kuchokera kumwamba, zonsezi nthawi imodzi. Bambo uja sangaime pagulu nkudziyamikira yekha ngati mwana wake wokondedwa. Muyeseninso ndi Getsemane, kumene Yesu anachonderera Atate mwa ululu waukulu. Akanakhala mmodzi wongosintha maudindo, pempherolo likanakhala sewero chabe. Atatuwa ndi osiyana kwenikweni, nchifukwa chake Akhristu amati chikondi chinali mwa Mulungu dziko lisanalengedwe, pakuti panali wokonda ndi wokondedwa.

Izi sizikutanthauza kuti zonse zamveka. Palibe cholengedwa chomwe chili chimodzi ndi zitatu monga momwe Mulungu aliri, ndipo fanizo lililonse limatsimphina. Chomwe chiphunzitsochi chimachita ndi kutionetsa pamene tasochera. Mukamva kafotokozedwe ka Utatu, kafunseni mafunso atatu: kodi kakusiya Mulungu ali mmodzi? Kodi Mwana ndi Mzimu ndi Mulungu mokwanira? Kodi Mwana angathebe kulankhula ndi Atate moona? Yankho limodzi likakhala ayi, dziwani kuti kafotokozedweko si ka ku Nikeya. Inu aphunzitsi a Sande sukulu ndi a katekisimu, m'malo mwa fanizo la bambo wa maudindo atatu, awerengereni ana nkhani ya ku Yorodano, ndipo muwafunse kuti akuona ndani ndi ndani.