Mera kapena mmera: kompyuta imaphunzira bwanji kumva mawu?

Tchulani mawu oti “mera” pang'onopang'ono, kenako mundiuze pomwe “m” wathera ndi pomwe “e” wayambira. Simungaloze malo enieni, chifukwa pakamwa pa munthu maliwu amalowerana. Koma kwa zaka zambiri, ofuna kuphunzitsa kompyuta kulemba zomwe munthu akulankhula ankafunika kudziwa malire amenewa.

Kompyuta simva monga timamvera ife. Imaduladula mawu ojambulidwa m'tizidutswa, nthawi zambiri 100 pa sekondi iliyonse, ndipo pa kachidutswa kalikonse imalosera liwu lomwe lili m'menemo. Kuti iphunzire, pankafunika woiuza yankho la kachidutswa kalikonse. Mu nkhokwe ya mawu achingelezi yotchedwa TIMIT, momwe munalankhula anthu 630 a ku America, akatswiri anachita kuunika ndi kukonza malire a liwu lililonse pamanja. Ndi ntchito yodya nthawi ndi ndalama.

Mu 2006, Alex Graves, Santiago Fernández, Faustino Gomez ndi Jürgen Schmidhuber anafalitsa njira yotchedwa CTC, yomwe inachotsa mtolo umenewu. Mphunzitsi amangopereka mawu ojambulidwa ndi chiganizo cholembedwa, basi. Za malire, kompyuta idzionera yokha.

Chinsinsi chagona pa chizindikiro chimodzi chowonjezera pa zilembo, chomwe pano tichitche mpata ndi kuchilemba `-`. Tanthauzo lake ndi loti “pano palibe chilembo chatsopano”. Kompyuta ikalosera tizidutswa tonse, zomwe yatulutsa zimayeretsedwa ndi malamulo awiri otsatana: zilembo zofanana zoyandikana ziphatikizidwe kukhala chimodzi, kenako mipata ichotsedwe. Taonani tizidutswa tisanu ndi kamodzi:

```
m m e r r a  ->  mera
- m e e r a  ->  mera
m - m e r a  ->  mmera
```

Mzere wachitatuwo ndiwo ukusonyeza ntchito ya mpata. Popanda iwo, “mmera” wa m'munda ukanaphwanyidwa n'kukhala “mera” nthawi zonse, ndipo “mmodzi” ndi “mmene” sakanalembeka molondola.

Nanga pa njira zonsezi, yolondola ndi iti? CTC sisankha. Pa tizidutswa tisanu ndi kamodzi pali njira 45 zotulutsira “mera”. Mwayi wa njira iliyonse umapezeka pochulukitsa mwayi womwe kompyuta yapereka pa kachidutswa kalikonse, kenako mwayi wa njira zonse 45 umawonkhetsedwa. Chiwonkhetso chikachepa, chilango chimakula, ndipo kompyuta imasintha manambala ake amkati kuti ulendo wotsatira chikwere. Ikamva mawu masauzande, imazindikira yokha kuti phokoso la milomo yotsekedwa limayenda ndi “m”, chifukwa ndi kulosera kokhako komwe kumapindula pa “mera”, “amayi” ndi “chimanga” momwe.

Munthu akatchula “mera” kwa theka la sekondi, tizidutswa timakhala 50, ndipo njira zimapitirira biliyoni imodzi. Palibe amaziwerenga imodziimodzi. Mawuwo amayalidwa ndi mipata pakati pa zilembo ndi kumapeto konse, kukhala malo 9, ndipo pa kachidutswa kalikonse kompyuta imangosunga mwayi wofika pa malo alionse kuchokera pa kachidutswa kapitako. Tebulo la mabokosi 450 limakwanira.

Mavuto alipo, ndipo amadziwika ndi zizindikiro zake. Masiku oyamba a maphunziro, kompyuta imakonda kutulutsa mipata yokhayokha: chilango chikutsika, koma cholembedwa palibe. Nthawi zambiri zimatha zokha. Zikapitirira, woyenera kukayikiridwa woyamba ndi zolemba zosagwirizana ndi mawu ojambulidwa.

Vuto lina ndi la masamu enieni. “Mmera” amafuna tizidutswa tosachepera tisanu ndi kamodzi, chifukwa mpata wa pakati pa “m” awiriwo sungadumphidwe, ndipo pa tizidutswa timeneti njira ndi imodzi yokha. Tikakhala tisanu, njira palibe, mwayi ndi ziro, ndipo pa sikirini chilango chimaoneka `inf`. Izi zimachitika munthu akalankhula mothamanga pomwe makina aphatikiza tizidutswa kuti ntchito ifulumire. Mu PyTorch muli `zero_infinity=True` yonyalanyaza zitsanzo zotere, koma ine ndimaona kuti kuiyatsa musanaone zitsanzozo n'kukwirira moto ndi mankhusu.

Chofooka chachikulu n'choti polosera kachidutswa, CTC siyang'ana zilembo zomwe yalemba kale. Ingathe kulemba zomveka bwino m'khutu koma zolakwika papepala. N'chifukwa chake Deep Speech, yomwe kampani ya Baidu inatulutsa mu 2014, inalumikiza CTC ndi pulogalamu ina yodziwa mawu omwe amakonda kutsatana m'chilankhulo. Khutu likakayika pakati pa “mera” ndi “mmera”, pulogalamu yachiwiriyi imaona kuti patsogolo pali “wa chimanga”, n'kusankha “mmera”.