Mabelo atatu ndi mapaketi asanu ndi awiri: uthenga wopita kwa wotayipa sitoko

Pakutha pa mwezi, mayi wa golosale amatseka chitseko msanga, natenga kope ndi cholembera n'kuyamba kuwerenga katundu shelefu ndi shelefu. Masiku ano ambiri akatero amajambula masambawo pafoni n'kutumiza pa WhatsApp kwa mnyamata kapena mtsikana wa laputopu amene amatayipa paganyu, kuti sitokoyo ilowe mu Excel. Kawirikawiri uthenga wotsagana ndi zithunzizo umakhala waufupi: "Munditayipire izi." Apa ndi pamene mavuto amayambira, chifukwa wotayipayo sanaimepo kuseri kwa kauntala ya golosaleyo, ndipo chilichonse chimene sanauzidwe adzangochiganizira yekha.

Tiyerekeze kuti m'kopemo muli mzere wotere: "Shuga 1kg, 3b + 7, K2,800". Mwini golosale akaona amadziwa pomwepo kuti atsala mabelo atatu osatsegula ndi mapaketi asanu ndi awiri apashelefu, komanso kuti K2,800 ndi mtengo umene anaodera paketi imodzi. Ngati belo lililonse muli mapaketi 20, ndiye kuti pali mapaketi 67, ndipo ndalama yogona mu shugayo ndi K187,600. Koma wotayipa wosauzidwa angalembe 3 n'kusiya 7, shuga yense n'kuoneka wa K8,400. Angaphatikize 3 ndi 7 n'kupeza 10, kutuluka K28,000. Ngati chithunzi sichikuoneka bwino angawerenge 37, kutuluka K103,600. Manambala onsewa amaoneka aulemu pakompyuta, ndipo palibe ngakhale imodzi imene imadziulula kuti ndi yabodza.

Uthenga wabwino, tsono, ungamveke motere:

"Achimwene, mwaswera bwanji? Ndatumiza zithunzi 4 za sitoko ya pa 31 Julaye, tsamba 1 mpaka 4, mizere yonse ilipo 120. Mundilembere mu Excel, katundu aliyense pamzere wake, motsata ndondomeko ya m'kopemo. Makolamu akhale awa: Tsamba, Katundu, Kukula, Muyezo, Chiwerengero, Mtengo woodera, Zonse, Ndemanga. Chiwerengero chikhale cha chinthu chimodzichimodzi monga ndimagulitsira. Chilembo b ndi belo, la shuga muli mapaketi 20. Dz ndi dazeni, zinthu 12. Zamakatoni ndalemba pambali kuti muli zingati. Pamitengo musaikepo K, manambala okha. Pamene ndafufuta mutenge nambala imene ndalemba pamwamba pake. Pamene ndalemba kamzere ndiye kuti katunduyo watha, muikepo 0. Pamene sindinalembepo kanthu musiye chomwecho, sindinawerenge. Ngati simukutha kuwerenga, chonde musaganizire: musiye kabokosiko opanda kanthu, mulembe pa Ndemanga zimene mukuona. Ngakhale muone ngati ndalakwitsa, musakonze, mungondiuza. Muyambe mwanditumizira mizere 10 yoyamba ndione. Zonse ndizifuna Lachisanu madzulo ngati fayilo ya .xlsx, osati chithunzi kapena PDF. Ndalama imene tinagwirizana ija ndidzatumiza pa Mpamba ndikaona ntchito."

Ena anganene kuti uthengawu watalika. Ine ndikuona kuti mulibe chiganizo chongodzazira malo, ndipo umalembedwa kamodzi kokha: mwezi wamawa mungosintha tsiku ndi chiwerengero cha masamba.

Taonani nkhani ya K ija. Kwa munthu, "K2,800" ndi ndalama. Kwa Excel, chilembo chikangotsogolera nambala, zonsezo zimasanduka mawu, ngati dzina la munthu. Mukayesa kuchulukitsa mtengo wotere ndi chiwerengero, kabokosi kamaonetsa #VALUE!, ndipo apo zili bwinoko chifukwa mwachenjezedwa. Choopsa ndi kuwonkhetsa: SUM imangodumpha mawu mwakachetechete, n'kukupatsani chiwonkhetso chopelewera popanda chizindikiro chilichonse. N'chimodzimodzinso wotayipa akalemba "67 pkt" m'kabokosi kamodzi. N'chifukwa chake muyezo uli ndi kolamu yakeyake, ndipo nambala imakhala yokha.

Mwini golosale angathe kuzigwira yekha zimenezi ngakhale sadziwa zambiri za kompyuta. Ngati wotayipa sanasinthe kaimidwe ka zolemba, manambala enieni amatsamira kudzanja lamanja la kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Mukayendetsa diso kutsika m'kolamu ya mitengo n'kuona umodzi watsamira kumanzere, dziwani kuti umenewo sukuwerengedwa. Wotayipa naye angaike izi kuti zithandize:

```
=E2*F2
=SUM(G2:G121)
=COUNT(E2:E121)
```

Yoyamba imachulukitsa chiwerengero ndi mtengo pamzere uliwonse, yachiwiri imawonkhetsa ndalama zonse, yachitatu imanena kuti ndi timabokosi tingati muli manambala enieni. Mayi uja ananena kuti mizere ndi 120. Ngati COUNT yatulutsa 116, payenera kupezeka mizere inayi yopanda nambala, ndipo iliyonse ikhale ndi chifukwa chake pa Ndemanga. Ikapezeka itatu yokha, penapake nambala yalowa ngati mawu kapena mzere wadumphidwa.

Kusiyanitsa 0 ndi malo opanda kanthu ndi nkhani imene imandikhudza kwambiri, chifukwa imafika m'thumba. Ziro amatanthauza kuti ndinayang'ana ndipo ndinapeza kuti katunduyo watha, mawa ndikaode. Malo opanda kanthu amatanthauza kuti sindinafike pashelefu imeneyo, mwina magetsi anazima ndisanamalize. Wotayipa wokonda ukhondo akadzaza maziro paliponse, mayiyo adzapita kuholoselo kukagula mafuta ophikira amene ali kale m'sitolo, ndalama imene ikanagula sopo amene wathadi.

Lamulo loti "musakonze" limadabwitsa achinyamata ena, poti iwo amafuna kuthandiza. Akaona sopo yemweyo walembedwa kawiri ndi mitengo yosiyana, amaphatikiza mizereyo n'kusiya mtengo umodzi. Komatu mwina katoni imodzi inaodedwa mtengo usanakwere, ina utakwera, ndipo mwini wake anazilekanitsa dala. Ntchito ya wotayipa ndi kusamutsa zimene zili papepala. Kuweruza n'kwa amene amadziwa katunduyo. Kolamu ya Tsamba imathandizanso pomwepa, chifukwa pakakhala chokayikitsa mumabwerera pachithunzi choyenera osasanthula kope lonse.

Amene amalemba manambala a bakhodi awonjezere chiganizo chimodzi: kolamu imeneyo iikidwe pa Text asanayambe kutayipa. Popanda zimenezo Excel imachotsa ziro woyambirira, 00457 n'kukhala 457, ndipo nambala ya madijiti 13 imaoneka ngati 6.01E+12.

Mbali inayo ili m'manja mwa wojambula. Tsamba ligonekedwe patebulo masana, foni ikhale pamwamba pake molunjika, ngodya zonse zinayi zioneke, ndipo chithunzithunzi cha dzanja chisagwere pamanambala. Nambala ya tsamba ilembedwe pamwamba ndi cholembera musanajambule, chifukwa zithunzi zimatha kufika mosokonekera. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, popeza njira yachizolowezi imafinya chithunzi kuti chipepuke, ndipo ndi pamene 1 amafanana ndi 7, 3 amafanana ndi 8. Zimadya bandulo yochulukirapo pang'ono, koma masamba anayi si ambiri.

Mizere 10 yoyamba ija ikafika, mayiyo atenge kope m'manja, apeze mzere wa shuga. Ngati pa Muyezo palembedwa "paketi", pa Chiwerengero 67, pa Zonse 187600, angayankhe kuti, "Zili bwino achimwene, pitirizani."