Kuthira msanga: zoyesa kunyumba ndi zimene dokotala angalembe

Pa kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2005, akatswiri anapatsa mawotchi mabanja pafupifupi 500 a m'mayiko asanu kuti aziyeza nthawi kuchokera pamene mwamuna walowa mpaka pamene wathira umuna. Theka la amunawo linkathira mphindi zisanu ndi theka zisanakwane. Nkhani za kubawo zoti mwamuna weniweni amatha ola lathunthu zikusautsa anthu amene alibe vuto lililonse.

Madokotala amati ndi vuto mwamuna akamathira pafupifupi nthawi zonse mkati mwa mphindi imodzi, osatha kudzigwira, ndipo zikumudetsa nkhawa iye kapena mkazi wake. Ena akhala choncho chiyambire kugonana. Ena zinkawayendera bwino, kenako nthawi inatsika kufika pa mphindi zitatu kapena kucheperapo. Kwa achiwiriwa nthawi zambiri pamakhala chinachake chimene chayambitsa: nkhawa, kusamvana m'banja, kutupa kwa pulositeti, chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso, kapena chida chimene chayamba kufooka.

Njira yoima ndi kuyambiranso inafotokozedwa ndi dokotala wa ku America, James Semans, mu 1956. Mfundo yake ndi yakuti pali malire amene mwamuna akawadutsa, umuna subwezeka, ngakhale atalumanitsa mano bwanji. Ntchito yonse ndi kuphunzira kuzindikira kuti malirewo ayandikira.

Tinene bambo wa zaka 35 amene amathira mphindi isanathe. Amayamba ndi dzanja, lake kapena la mkazi wake, osalowa. Akamva kuti zayandikira, zonse ziime kwa masekondi pafupifupi 30 mpaka mphamvuyo itatsika, ndiyeno ayambirenso. Aime katatu, kachinayi athire. Akachita zimenezi kangapo pa sabata n'kuona kuti akuzitha, amayesa kulowa, mkazi ali pamwamba, poyamba osagwedezeka, kenako pang'onopang'ono, n'kumaima monga kale. Ambiri amalakwitsa poima mochedwa. Ngati umuna ukutulukabe ataima, ndiye kuti malire anali atadutsa kale, ndipo ulendo wotsatira ayenera kuima msangako. Enanso amayesa kuthawitsa maganizo poganiza za mpira kapena ngongole, koma zimenezi zimangomulepheretsa mwamuna kumva zimene thupi lake likumuuza.

Njira yofinya inatchuka ndi William Masters ndi Virginia Johnson mu 1970. M'malo mongoima, mwamuna amatulutsa chida, ndipo iye kapena mkazi amaika chala chachikulu kunsi, pamene mutu wa chida ukulumikizana ndi thunthu, zala ziwiri pamwamba, n'kufinya molimba koma mosapweteka kwa masekondi 10 mpaka 20. Chida chimafooka pang'ono, ndipo zimenezo zisachititse mantha. Amadikira theka la mphindi n'kupitiriza. Njira ziwirizi zimafuna masabata angapo komanso mkazi amene wafotokozeredwa bwino, chifukwa mkazi wosauzidwa kanthu amadabwa n'kuyamba kukayikira zina. Munthu akaleka kuzichita, vuto limatha kubwerera.

Zikakanika, dokotala ali ndi zina. Pali mankhwala ochititsa dzanzi, lidokeni ndi pirilokeni, opaka kapena opopera kumutu kwa chida. Opaka amafuna mphindi 20 kapena kuposerapo asanagwire, ndipo ayenera kupukutidwa kapena kuphimbidwa ndi kondomu, apo ayi mkazi nayenso achita dzanzi. Akachuluka, chida chimagwa.

Akumwa amagwira ntchito pokweza serotonini mu ubongo, amene amachedwetsa kuthira. Dapoksetini, wa mamiligalamu 30 kapena 60, amamwedwa ola limodzi mpaka atatu musanagonane, osaposa kamodzi pa tsiku. Amatha kuchititsa nseru, chizungulire ngakhale kukomoka, choncho sasakanizidwa ndi mowa, ndipo ena odwala mtima sapatsidwa. Paroksetini ndi setralini ndi mankhwala a matenda okhumudwa amene amamwedwa tsiku ndi tsiku. Amayamba kuthandiza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, angachepetse chilakolako, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi. Tiramado amachedwetsadi, koma thupi limamuzolowera mpaka munthu osatha kukhala popanda iye, ndipo kumuphatikiza ndi mankhwala a serotoniniwa n'koopsa.

Vayagira amalimbitsa chida, ndipo amathandiza makamaka mwamuna amene amathamangira kuthira poopa kuti chida chimugwera panjira. Gondolosi ndi timabotolo ta "mphamvu" togulitsidwa m'misika sizilowa m'malo mopimidwa.

Bambo amene vutoli lamuyamba posachedwa, makamaka ngati akumvanso kuwawa pokodza kapena pothira, kuwonda, kapena mtima kuthamanga, apite kuchipatala asanamwe kalikonse, ndipo ngati n'kotheka apite ndi mkazi wake.