Mtengo Ukadumpha Msika Uli Wotseka

Msika wa masheya ukatseka, nkhani sizileka kubwera. Kampani ikhoza kulengeza usiku kuti yaluza, kapena nkhondo ikhoza kuyamba Loweruka. Ogula amasintha maganizo, ndipo potsegulira mtengo umayambira patali ndi pomwe unatsekera.

Ambiri amadziteteza polamula bulokala kuti agulitse mtengo ukatsika kufika pamlingo wakutiwakuti. Koma lamuloli silitsimikiza mtengo. Mlingowo ukafikidwa kapena kupitiriridwa, limangosanduka lamulo logulitsa pamtengo uliwonse umene ulipo.

Tiyerekeze munthu amene anagula masheya 100 ku New York pa madola 50 iliyonse, n'kuika lamulolo pa 48, poganiza kuti sangaluze kuposa madola 200. Lachisanu msika ukutseka pa 49. Lamlungu kukumveka nkhani yoipa, ndipo Lolemba msika ukutsegulira pa 42. Palibe anagula pa 48, choncho masheya agulitsidwa cha pa 42, ndipo waluza madola 800.

Lamulo lokhala ndi malire limakana kugulitsa pansi pa mtengo wosankhidwa, koma likhoza kusiya masheya osagulitsidwa mtengo ukutsikabe. Chitetezo chodalirika ndicho kuchepetsa masheya amene munthu amasunga msika ukatseka, makamaka kampani ikatsala pang'ono kulengeza zotsatira zake.